Moni Womvera Kamodzi

Achemwali anga aakulu atafika ku Dar es Salaam kudzachotsetsa ng'ala m'maso, mwana wanga wamkazi anawalonjera polemba pa foni. Mpaka lero ndikakumbuka ndimamva kutentha m'makutu. Mlendo wake munthu wosaona bwino, amene anachita kugwiridwa dzanja potsika basi, iye n'kumutumizira zilembo!

Achemwaliwo anafikira ku Kigamboni kwa achimwene athu, amene amayendetsa galimoto pa chipatala china mumzinda muno ndipo ndi amene anakonza za opaleshoniyo. Ine ndimakhala ku Gongo la Mboto, kumapeto kwenikweni kwa mzinda, komwe ndimasoka zovala pakhonde. Kuchoka kwathu kukafika kwa achimwene ndi ulendo wa daladala, minibasi yothithikana, pa msewu wa Pugu, kenako kudikira pantoni yowolotsa anthu padoko. Tsiku limene anafikalo ndinali ndi madiresi a ukwati wa eni ake, moti sindikanatha kuwoloka. Koma kwathu mlendo salonjeredwa mawa. Ndinaimitsa makina, n'kupukuta manja, n'kutenga foni.

Ine voisi ndimaidziwa ngati singano yanga. Umadina kamaiki kali pakona, chala osachotsa, n'kumayankhula. Ukachotsa chala, mawu apita. Ukaona kuti wayamba molakwika, umakokera chala kumanzere, mawuwo n'kutayika. Ngati nkhani ndi yaitali umakankhira chala m'mwamba mpaka kaloko katseke, ndiye ukhoza kuyankhula manja ali pa ntchito ina. Tsiku limenelo ndinatseka kaloko. Ndinawafunsa mmene ayendera, mmene awasiyira kumudzi, za miyendo yawo imene imatupa akakhalitsa m'basi, za mvula, za odwala. Ndinawauzanso kuti kuno tilipo, kungoti kutentha.

Posakhalitsa yankho linabwera, ndipo ndinaseka ndekha pakhondepo. Achemwali sajambula voisi ngati anthu ena. Amati, “Muli bwanji kumeneko?” kenako n'kukhala chete, kukusiyira mpata woti uyankhe, foni ikungojambula mphepo. Akaona kuti wayankha, amapitiriza: “Eya, zikomo. Nanga mwana?” N'kukhalanso chete. Ndipo ine, munthu wamkulu ndi imvi zanga, ndinapezeka ndikuyankha mokweza m'mipata imeneyo, makasitomala akundiyang'ana. Pamenepo ndiye pagona ubwino wa mawu. Munthu umamumva kuti watopa, umamva kuti akumwetulira, umamva supuni ikugunda kapu pambali pake. Zimakhala ngati walowa m'nyumba mwako n'kukhala pampando.

Funso lija lakuti “nanga mwana?” ndi limene linayambitsa zonse.

Mwana wangayo anabadwira konkuno. Amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Sinza, amachoka m'mamawa kuthawa mzere wa magalimoto, amabwera dzuwa litalowa. Chichewa amamva chonse, ngakhale ukamunena chamumtima amamva. Koma kuyankhula amayankhula Chiswahili, ndipo akayesa chathu lilime limamutererekera. Madzulo amenewo ndinamuuza kuti amayi ake aakulu afika, awalonjere.

“Sawa, mama,” anatero, maso ali pa foni. Patapita kanthawi anati, “Tayari. Ndawapatsa moni.”

Ndinadabwa chifukwa sindinamumve akutsegula pakamwa. Anandionetsa. Anali atalemba, ndipo kunena zoona analemba bwino: takulandirani amayi aakulu, mwayenda bwanji, Mulungu akhale nanu pa opaleshoni. Pamapeto anaikapo kachithunzi ka manja opemphera ndi kaduwa.

“Ndiye aziwerenga ndi chiyani?” ndinafunsa. “Ndi mphuno?”

“Amalume awawerengera.”

“Iwe, moni wowerengeredwa ndi moni?”

Anangokweza mapewa n'kupita kukasamba. Ndinatsala ndikuyankhula ndi khoma.

M'mawa mwake ndinawoloka kukawaona achemwali. Anali ataonda, maso atachita mbuu, koma pakamwa panali pomwe paja. Titatha malonje, ndinayesa kuikonza nkhani ija isanatuluke. Ndinati mwana wakupatsani moni, kaya mwaulandira.

“Amene wandipatsa moni ndi alamu,” anatero, akuloza ndi mlomo mkazi wa achimwene, amene ndi Mtanzania. “Ndi amene anandiwerengera. Ndamva mawu awo, ndawathokoza. Mwana wanu sindinamumve.”

Alamu anaseka mwamanyazi n'kuthawira kukhitchini. Ine sindinaseke. Achemwali anandilera amayi athu atamwalira, ndipo kumudzi mawu awo ndi amene amamveka. Kuchokera pamene ndinakwatiwira kuno, abale akhala akunong'onezana kuti ndinataya mwana m'Chiswahili, kuti alibe kwawo. Achemwali okha ndi amene ankawatseka pakamwa, ankati musamaweruze mwana amene simunamuone. Tsopano anali atabwera okha kudzamuona, ndipo ndinadziwa kuti zimene akanene pobwerera ndi zimene mudzi wonse udzakhulupirire.

“Mlendo ndi mame,” anawonjezera. “Akandichotsa chinthuchi m'maso, ine ndikupita. Akakandifunsa za mwana wanu ndidzanena zoona, kuti sindinamuone, sindinamumve.”

Ndinabwerera pa pantoni mtima uli m'malere. Ndinaganiza kuti Lamlungu ndidzamukoka mwanayo tidzawoloke limodzi, nkhani ithe. Koma nditamuuza, anati Lamlungu limenelo amuika pa ntchito. Munthu amene chiyambireni sanagwirepo Lamlungu! Sindinabadwe dzulo ine. Ndinadziwa kuti anachita kupempha yekha, pothawa kukakhala pamaso pa munthu wamkulu n'kumasakasaka mawu.

“Chabwino,” ndinatero. “Ngati miyendo yakana, pakamwa pasakane. Ujambule voisi. Lero.”

Anakana, ndinakakamira, anakananso, ndinakweza mawu mpaka aneba anachepetsa wailesi kuti amve bwino. Pomaliza anati ajambula, koma ndimuuze zonena. Ndinamuuza, iye n'kumalemba pa kapepala kochokera m'thumba la mankhwala. Ndinamupatsa moni wathunthu, wa ulemu wake, woti ngakhale mkulu wa mpingo akhoza kugwedeza mutu.

Tinalowa kuchipinda. Choyamba tinazimitsa fani, chifukwa mphepo yake ikamawomba pa foni mawu amamveka ngati munthu akuyankhulira m'chigayo. Kenako tinatseka zenera chifukwa cha njinga zamoto za bodaboda zimene zimaima pakona pathu. Amene amadziwa kutentha kwa Dar es Salaam akudziwa chimene chimachitika m'chipinda chotseka zenera chopanda fani. Thukuta linayamba kutsika tisanayambe n'komwe.

Anatseka kaloko n'kuyamba. “Takulandirani, amayi aakulu. Mumefika bwanji...”

“Mwafika! Mumefika n'chiyani?”

Anadina kabini ka zinyalala, mawu n'kutayika. Anayambanso. Anadutsa pamenepo bwinobwino, koma pofika pa “kumudzi” anakokera mawuwo mwa Chiswahili, ine n'kutsokomola. Kabini. Ulendo wina anafika pakati, tambala wa aneba n'kulira. Kabini. Ulendo winanso anafika kumapeto, anaimitsa, n'kumvera yekha asanatumize, pakuti foni imalola kutero ukatseka kaloko. Atangomva mawu ake anakwinya nkhope ngati walawa ndimu.

“Jamani, ndimamveka chonchi?”

“Aliyense amadana ndi mawu ake pa foni. Tumiza.”

Anataya. Ndinamva ngati ndimulande foniyo ndimumenye nayo. Tinabwereza mpaka bulauzi yanga inamatirira kumsana. Pa ulendo womaliza ndinaima kumbuyo kwake, ndikumunong'oneza poyambira mzere uliwonse, ndipo anafika kumapeto osaphonya liwu. Ndinadina kotumizira ndekha asanasinthe maganizo.

Ndiye kudikira. Kachizindikiro kamodzi kotuwa, ndiye kuti mawu achoka kwa ife. Tiwiri totuwa, afika pa foni yawo. Tiwiri tabuluu, wina watsegula. Koma ine sindinyengedwa ndi timeneto, chifukwa munthu akhoza kutsegula osamvera. Chimene ndinkayang'ana ndi kamaiki kali pambali pa uthengawo, kamene kamasanduka kabuluu pokhapokha mawu akaseweredwa. Kanakhala kotuwa mpaka tinadya, mpaka tinatsuka mbale. Kenako kanasintha. Ndinapuma.

Yankho silinapite kwa mwana. Linabwera pa foni yanga, ndipo ulendo uno munalibe mipata yoyankhira.

“Achemwali,” anatero mawu awo, “maso ndi amene afa, makutu ali moyo. Mwanayu akuwerenga. Ndikumva pepala likukhwekhwereza. Ndikumvanso inu mukunong'ona kumbuyo kwake ngati mphunzitsi wa kwaya. Ameneyu ndi moni wanu womwe uja, mwangoubwereka pakamwa pa mwana. Akumveka ngati wolengeza maliro pa wailesi. Musiyeni, ngati safuna safuna.”

Tsoka lake ndinasewera uthengawo mokweza, mwana ali pomwepo. Sanalire. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

“Mwaona? Ndikalemba, kosa. Ndikayankhula, kosa.” Kosa ndiye kulakwa. “Mukukumbuka Khirisimasi ija?”

Ndinkaikumbuka. Ali kusekondale anajambula moni wa Khirisimasi n'kutumiza pa gulu la pa foni la abale athu onse, a kuno ndi a kumudzi. Anachita yekha, mosangalala, Chichewa chake chosakaniza chomwecho. Msuweni wake wina anautenga n'kuutumiza kwa anzake, anzakewo kwa anzawo. Voisi ndi yotero: ukangoitulutsa si yakonso, aliyense akhoza kuidina n'kuipititsa kwina. Patapita masiku inabwerera kwa mwini wake kudzera kwa munthu wosamudziwa, pamwamba pake pali kamuvi kosonyeza kuti yayendayenda, pansi pake tinkhope toseka mpaka misozi. Wina anajambulanso yake yomuyeserera.

“Anali ana,” ndinatero. “Zinapita zimenezo.”

“Nanunso munaseka, mama.”

Sindinaseke ine. Ndinangomwetulira, ndipo zinalidi zoseketsa pang'ono. Ndinamuuza kuti manyazi anapha lambe, kuti munthu sangaleke kupatsa moni akuluakulu moyo wake wonse chifukwa cha zibwana za msuweni. Anandiyankha m'Chiswahili chothamanga kuti polemba amakhala ndi nthawi yoganiza, amafufuta, amakonza, ndipo palibe amene amaseka lilime la munthu pa zilembo. Anati kwa iye kulemba ndiye ulemu, chifukwa amapereka chinthu chosalakwika. Ndinati ulemu umene wolandira sangaugwire ndi wa ntchito yanji? Tinagona osatsanzikana.

Masiku otsatirawo ndinali wokwiya ndi aliyense. Ndinakwiyira mwana chifukwa cha liuma lake. Ndinakwiyira achemwali chifukwa chofuna zinthu zawo ndendende ngati kuti kuno ndi kumudzi. Ndinakwiyira foni imene imajambula ngakhale kunong'ona kwa munthu. Ndinasoka zipi ya kasitomala chozondoka, n'kumukalipira iyeyo ngati ndi amene wasoka. Opaleshoni ya diso loyamba inayenda bwino, madokotala anati lachiwiri adzalione patsogolo, ndipo achimwene anagula tikiti ya basi. Mwana wanga ankafunsa za amayi ake aakulu tsiku lililonse, koma kufunsa ine. Ndikamuuza kuti nambala uli nayo, ankangoti sawa.

Tsiku loti mawa achemwali anyamuka, ndinawoloka kukatsanzikana nawo. Ndinanyamula nsalu ziwiri ndi diresi limene ndinawasokera, koma mumtima ndinali nditagonja. Ndinkangokonzekera mmene ndidzayankhire mafoni a kumudzi. Tinakhala pabalaza masana, fani ikuzungulira, achemwali atavala magalasi akuda amene anawapatsa kuchipatala. Diso lochitidwa lija linali litayamba kuona nkhope za anthu, koma zilembo za pa foni zinali zisanabwerere. Za mwana sanatchule, ndipo kusatchulako kunandipweteka kuposa kunyoza.

Foni yawo inalira patebulo. Achimwene anaitenga, anayang'ana, n'kukweza nsidze.

“Ndi mwana wa achemwali awa,” anatero, akundiloza. “Voisi. Koma iyi ndi ina. Ili ndi kabwalo, m'kati mwake muli nambala wani.”

“Ndiye kuti chiyani?” anafunsa achemwali.

“Ndi yomvera kamodzi. Mukaitsegula n'kumvera, yapita. Simungaibwereze, simungaisunge, simungaitumize kwa munthu wina.”

Ine ndinali ndisanamvepo kuti chinthu chotero chilipo, ine amene ndimadzitama kuti voisi ndimaidziwa. Achimwene anafotokoza kuti wojambula akatseka kaloko, pamatuluka kabwalo kameneko, akakadina basi uthengawo umakhala wa khutu limodzi. Ndinasendera kufupi msangamsanga.

“Kwezani mawu timve tonse,” ndinatero.

Achemwali anatembenuzira magalasi awo akuda kwa ine. “Watumizira inu?”

Analamula kuti fani izimitsidwe. Anauza alamu kuti atseke wailesi ya kukhitchini, popeza chinthu chomva kamodzi sichifuna phokoso. Anakonza mpango kumutu, anakhala tsonga ngati kukubwera mlendo pakhomo, n'kutambasula dzanja. Achimwene anadina n'kuwaikira foniyo pakhutu. Foni ikagunda khutu galasi lake limazima, ndipo mawu amachoka pa sipika yaikulu n'kupita pa kabowo kakang'ono ka kukhutu. Chimene ndinamva ine ndi kulira kwa injini ya bodaboda kwa kamphindi, kenako zii.

Ndinatsala ndi nkhope yawo basi.

“Marahaba,” anatero achemwali, liwu loyankhira moni limene anaphunzira kwa alamu sabata yomweyo. Ndiye kuti mwanayo wayamba ndi shikamoo, moni wa Chiswahili wopatsa akuluakulu. Ndinagwira kumutu. Zonse zija ndinamuphunzitsa, iye n'kuyamba ndi shikamoo!

Anamvetsera pang'ono. Kenako anati, “Ndili bwino, mwanawe, kaya iwe?” Anadikira. “Eya. Eya, likuona pang'ono.” Apa ndinazindikira kuti mwanayo akuwasiyira mipata, monga mmene iwo amachitira. Anazimva kuti? Ndiye kuti masiku onse aja ndinkasewera mauthenga a achemwali pakhonde, iye akuoneka ngati alibe nazo ntchito, makutu anali kwa ine.

Mwadzidzidzi anaseka, kuseka kwenikweni kogwedeza mapewa, kumene ndinali ndisanakumve chifikireni. Ndinafunsa ndi manja kuti n'chiyani, iwo anandikupiza ngati ntchentche. Kusekako kunatha, nkhope inagwa. Anapitiriza kumvetsera, akungogwedeza mutu.

“Pepa, mwanawe,” anatero motsitsa. “Pepa ndithu. Sindinkadziwa.”

Misozi inatsika pansi pa magalasi, ndipo achimwene anawagwira dzanja kuti asatikite diso. Kenako anachotsa foni pakhutu. Ndinailanda. Pamalo pa uthenga paja panangotsala kabwalo kopanda kanthu ndi liwu losonyeza kuti watsegulidwa. Ndinadinadina ngati wamisala, koma panalibe chosewera.

“Wanena chiyani?”

“Wandilonjera.”

“Nanga munkaseka chiyani? Mumapepesa chiyani?”

“Za ine ndi mwana wanga.”

“Koma Chichewa chake chinali bwanji? Sanasakanize?”

“Ndamva zonse,” anatero. “Pamene sindinamve liwu, ndamva munthu.” Kenako anauza achimwene kuti awatsekere kaloko, adinenso kabwalo kaja, ndipo anatipempha tonse kuti titulukeko kaye. Ine, mayi wake wa mwanayo, ndinakaima panja padzuwa pafupi ndi thanki ya madzi, m'nyumba achemwali anga akucheza ndi mwana amene ndinabereka ndekha.

Kumudzi anakanena zabwino. Ndikudziwa chifukwa mafoni amene ndinkawaopa aja anabwera ndi mawu ena: akuti muli ndi mwana waulemu, akuti ndi wanthabwala, mudzabwere naye. Chimene ndinkafuna ndinachipeza, ndipo ndiyenera kuthokoza. Koma walira mvula walira matope.

Ndinamufunsa mwanayo madzulo a tsiku la voisi ija kuti anawauza chiyani. Anati anajambulira pa siteji ya ku Sinza podikira daladala, kamodzi kokha, osamvera, osataya. Zimene ananena sanandiuze. Ndinayesa kunyengerera, ndinayesa kukalipa, ndinayesa kudzera kwa achimwene, koma nawonso sanamve kanthu. Chinthucho chinapita ndi mphepo, chinatsala m'makutu a munthu mmodzi amene sabwereketsa nkhani.

Mpaka pano awiriwo amatumizirana. M'mamawa akamatuluka pageti ndimamumva akuyankhula, foni ili pakamwa, Chichewa ndi Chiswahili zikugundana ngati mbale m'beseni, n'kumaima kusiya mipata. Liwu lina likaterereka lilime langa limayabwa kuti ndikonze, koma iye amakhala atakhota kale pakona. Tsiku lina ndinaganiza kuti mwina akudikira kuti ine ndiyambe. Atangofika kuntchito ndinatseka kaloko n'kumulonjera bwinobwino, ngati mlendo. Ndinamufunsa mmene wayendera, ngati anapeza mpando m'daladala, ngati wamwa tiyi. Ndinamusiyira ndi mipata yomwe.

Kamaiki kanasanduka kabuluu nthawi yomweyo. Ndinaimitsa makina, ndinazimitsa fani, n'kukhala tsonga foni ili m'manja. Pamwamba panaoneka kuti akujambula mawu. Kenako chizindikirocho chinazima. Chinabweranso, n'kuzimanso. Pamapeto pake panaoneka kuti akulemba.

“Ndafika bwino, mama. Zikomo.” Panalibe liwu ngakhale limodzi loti ndikonze.